Vuto lili pati? Kulemba ndime ya vuto ndi zolinga mu pulopozo ya kafukufuku

Ndikalandira pulopozo ya wophunzira sindiyambira patsamba loyamba. Ndimatsegula kaye pamene pali zolinga, ndikawerenga ndimabwerera m'mbuyo pa ndime yofotokoza vuto, kenako ndimalumphira kutsogolo kukaona njira imene wophunzirayo akuti atsata potolera mfundo zake. Malo atatuwa amandiuza m'mphindi zochepa ngati munthuyu akudziwa kumene akupita. Akagwirizana, zotsalazo zimakonzeka ngakhale galamala itakhala yotsimphina. Akasemphana, ndiye kuti ngakhale masamba 20 a zimene akatswiri ena analemba sangamupulumutse, chifukwa akafika kumalo ochitira kafukufuku azikangotola chilichonse chimene wakumana nacho.

Kuti nkhani isayandame, titenge wophunzira mmodzi wongoyerekeza. Ali m'chaka chomaliza cha digiri ya unamwino, ndipo ali ndi miyezi 6 yoti achite kafukufuku ndi kumulemba. Pamene ankaphunzira ntchito ku kiliniki ya odwala matenda othamanga magazi, amene ambiri timangoti bipi, anaona kuti tsiku la kiliniki likatha pamatsala mulu wa mafayilo a anthu amene anayenera kubwera koma sanaoneke. Zinamukhudza, n'kuganiza zochita kafukufuku wake pamenepo. Manambala onse a kiliniki imeneyi amene nditchule ndi ongoyerekeza, cholinga chake n'kuonetsa kalembedwe basi.

Ndime ya vuto imene analemba koyamba inali iyi:

"Matenda othamanga magazi ndi vuto lalikulu padziko lonse. Anthu ambiri amafa nawo chaka chilichonse. Odwala ambiri samwa mankhwala moyenera chifukwa cha umbuli ndi umphawi. Palibe kafukufuku amene wachitikapo pa nkhaniyi ku kiliniki ino. Choncho kafukufuku uyu athandiza kuthetsa vutoli."

Aliyense amene wawerengapo mapulopozo aizindikira ndimeyi. Imangosintha dzina la matenda, kapena m'malo mwa matenda mumakhala kusiya sukulu, kuguga kwa nthaka, kusowa kwa ntchito. Ziganizo zake ndi zisanu, ndipo chilichonse chili ndi chilema chakechake.

Ziwiri zoyambirira n'zoona ndithu. Lipoti la bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO la 2023 linanena kuti akuluakulu okhala ndi matendawa anawonjezeka kuchoka pa 650 miliyoni mu 1990 kufika pa 1.3 biliyoni mu 2019, ndiponso kuti pafupifupi anayi mwa asanu alionse salandira chithandizo chokwanira. Wophunzira angathe kuika manambala amenewa, ndipo ndime imaoneka yolemera. Koma malo ake enieni ndi m'mawu oyamba a pulopozo, pamene mukumutengera wowerenga ku nkhani yanu. Anthu 1.3 biliyoni sakuuzani choti mukachite Lolemba m'mawa mukafika pa kiliniki ndi kope m'manja. Ndime ya vuto ingatengeko chiganizo chimodzi chotere, kenako itsike msanga pamalo pamene wophunzira adzaimedi.

Chiganizo chachitatu ndicho choopsa kwambiri, ngakhale chimamveka chanzeru. Wophunzira wayankha kale funso asanachite kafukufuku. Ngati mukudziwa kuti chifukwa chake ndi umbuli ndi umphawi, mukupita kukafufuza chiyani? Komanso munthu amene walemba yankho m'ndime ya vuto amakonza pepala la mafunso lofunsa zokhazo zimene akuzikhulupirira kale. Adzafunsa ngati wodwala akudziwa kuopsa kwa bipi, adzafunsa ngati ali ndi ndalama, ndipo sadzamva n'komwe za mayi amene anasiya kubwera chifukwa mapiritsi ankamukodzetsa pafupipafupi pamene ali pantchito, kapena za bambo amene anabwera kawiri n'kupeza mankhwala atha.

Chachinayi, chakuti palibe amene anafufuzapo kuno, ophunzira amachikonda chifukwa chimaoneka ngati chikutsegula mpata. Pa chokha n'chofooka. Pali zinthu zambirimbiri zimene palibe anazifufuzapo chifukwa palibe amene angapindule pozidziwa. Woyesa mayeso wochenjera amangofunsa kuti, "Nanga zimene anapeza m'makiliniki ena sizingagwire ntchito kunoko bwanji?" Wophunzira amene sanakonzekere amangoti kakasi. Yankho liyenera kukhala m'ndime momwemo: mwina kafukufuku wakale anachitika m'zipatala zazikulu pamene iyi ndi kiliniki yaing'ono, mwina ankafunsa odwala amene akubwerabe osati amene anasiya, mwina kaperekedwe ka mankhwala kanasintha kuchokera nthawi imeneyo. Ndipo mawu akuti "palibe" ndi olemera. Amatanthauza kuti mwafufuza ponseponse. Nthawi zambiri choona n'chakuti wophunzira anasaka madzulo amodzi osapeza kanthu.

Chachisanu chikulonjeza zimene kafukufuku sangachite. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse.

Mavuto ndi awiri

Pali vuto la m'moyo, ndipo pali vuto la kafukufuku. Vuto la m'moyo n'lakuti odwala sakubwerera kudzatenga mankhwala, bipi yawo ikukwera, ena adzafa ziwalo, ena impso zidzawonongeka. Limeneli amalithetsa ndi anamwino, madokotala, oyendetsa chipatala ndi odwala eni ake. Vuto la kafukufuku n'lakuti pali chinachake chimene anthu amenewa sakuchidziwa, ndipo kusadziwako kukuwalepheretsa kuchitapo kanthu moyenera. Wophunzira wa miyezi 6 sangabweze odwala onse ku kiliniki. Chimene angathe n'kuchotsa kusadziwa kumodzi, kochepa, kooneka malire ake.

Ndime ya vuto yabwino imayenda kuchoka pa vuto loyambalo kufika pa lachiwirilo. Ine ndimauza ophunzira kuti ayankhe mafunso anayi motsatana. Zinthu zinayenera kukhala bwanji? Zili bwanji pamalo pano, ndipo umboni wake ndi uti? Zikapitirira chonchi, avulala ndani ndipo avulala motani? Nanga n'chiyani chimene sichikudziwika chimene chikuchititsa kuti anthu alephere kukonza zinthu? Katswiri wa zilankhulo John Swales, atasanthula mawu oyamba a zolemba zambiri za akatswiri, anafotokoza mu 1990 kayendedwe kofanana nako: wolemba amayamba waonetsa bwalo limene nkhani ili, kenako amaloza pamene pali mpata, pomaliza amalowa mumpatamo. Ophunzira ambiri amathera mphamvu zonse posesa bwalo, mpata osauloza.

Funso lachiwiri lija ndilo limafuna kuti munthu adzuke pampando. Umboni wa pamalo sapezeka pa intaneti. Wophunzira wathu anabwerera ku kiliniki, anapempha chilolezo kwa mkulu wa anamwino, n'kuona malipoti a mwezi ndi mwezi. Anapeza kuti pa odwala pafupifupi 400 amene amalembedwa kuti abwere mwezi uliwonse, amafika ndi 260 kapena kuposerapo pang'ono. Koma anazindikiranso kanthu kena kamene kanasintha pulopozo yonse. Malipotiwo amawerenga maulendo, sawerenga anthu. Mwa 140 osabwerawo, ena amangochedwa ndi sabata imodzi n'kubwera, ena anasiyiratu chaka chatha koma mayina awo akulembedwabe. Palibe pa kiliniki amene akanatha kunena kuti osiyiratu ndi angati, amasiya patatha nthawi yaitali bwanji atayamba mankhwala, ndiponso ndi anthu otani. Mpata uja ndi umenewu, ndipo anaupeza m'kabati ya mafayilo.

Ndime yachiwiri inatuluka chonchi:

"Wodwala bipi amene wayamba mankhwala amayenera kumwa tsiku lililonse ndi kubwerera ku kiliniki pa tsiku limene wapatsidwa, kuti ayezedwe ndi kulandira mankhwala ena. Pa kiliniki imene kafukufukuyu achitikire, malipoti a 2024 akuonetsa kuti pa maulendo pafupifupi 400 oyembekezeka mwezi uliwonse, amakwaniritsidwa ndi pafupifupi 260. Wodwala amene wakhala miyezi ingapo osamwa mankhwala amakhala pa chiopsezo chachikulu cha kufa ziwalo, matenda a mtima ndi a impso. Malipotiwa amawerenga maulendo, choncho sakuonetsa kuchuluka kwa odwala amene asiyiratu, nthawi imene amasiyira, kapena magulu amene amasiya kwambiri. Zifukwa za odwala eni ake sizinalembedwe paliponse. Popanda zimenezi, kiliniki ilibe poyambira posankha odwala oti iziwalondola ndi nthawi yoyenera kuwalondola."

Ndi yaifupi, ndipo iyenera kutero. Theka la tsamba kapena tsamba limodzi n'lokwanira. Mu pulopozo yeniyeni ziganizo zonena za chiopsezo ndi za zimene ena anapeza zimakhala ndi maumboni ake. Taonani chiganizo chomaliza. Chikutchula munthu amene akudikira yankho ndiponso chosankha chimene akulephera kupanga. Ndikafuna kudziwa ngati vuto la kafukufuku ndi lenileni, ndimamufunsa wophunzira kuti, "Mukamaliza, lipoti lanu mukalisiya pa tebulo la ndani, ndipo iyeyo adzasintha chiyani?" Akayankha kuti "boma" kapena "anthu onse", ndimadziwa kuti ntchito idakalipo.

Zolinga ndi ngongole

Cholinga chilichonse chimene mwalemba ndi ngongole imene mudzabweze mu mutu wa zotsatira. Woyesa mayeso amatenga zolinga m'dzanja limodzi, zotsatira m'dzanja lina, n'kumaona ngati ngongole iliyonse yalipidwa. Wophunzira akamvetsa zimenezi amasiya yekha kulemba zolinga zisanu ndi ziwiri.

Zoyamba za wophunzira wathu zinali zisanu: kumvetsa vuto la kusamwa mankhwala a bipi, kufufuza zotsatira za umphawi pa kamwedwe ka mankhwala, kuona ngati mauthenga a pa foni angathandize odwala kubwera, kudziwitsa odwala kuopsa kwa bipi, ndi kupereka malangizo kwa oyendetsa chipatala. Palibe n'chimodzi chomwe chimene chinapulumuka.

"Kumvetsa" ndi chinthu chochitika m'mutu mwa munthu. Palibe tebulo la manambala kapena ndime ya zotsatira imene ingasonyeze kuti tsopano mwamvetsa. N'chimodzimodzi ndi "kudziwa", "kuzindikira" ndi "kuunika mozama". Mneni wa cholinga azikhala wa ntchito imene wina angaione kuti yachitika: kuwerengera, kuyerekeza, kufotokoza, kuyeza, kupeza kuchuluka. Aphunzitsi ambiri amatumiza ophunzira ku mndandanda wa aneni wochokera pa ntchito ya Benjamin Bloom ndi anzake ya 1956. Umathandiza ndithu, koma tizikumbukira kuti anaukonzera zolinga za maphunziro a m'kalasi, ndipo kungosankhamo mneni wooneka wapamwamba sikuwongola cholinga chokhota. Chofunika n'chakuti mneni aliyense amakoka njira yake. Mukalemba "kupeza kuchuluka", mwalonjeza kuwerenga anthu, ndipo mufunika kudziwa kuti mukuwerenga mwa anthu angati. Mukalemba "kuyerekeza", mwalonjeza magulu awiri kapena kuposa. Mukalemba "kufotokoza zifukwa zimene anthu amapereka", mwalonjeza kukhala nawo pansi n'kumvetsera.

Cholinga chachiwiri chinagwa pa mawu akuti "zotsatira za". Mawuwa akunena kuti chinthu china chikuyambitsa chinzake. Kafukufuku woona anthu nthawi imodzi, kapena wowerenga mafayilo akale, angaonetse kuti zinthu ziwiri zimayendera limodzi, koma sangatsimikize kuti china ndicho chinabala chinzake. Mwina osauka amasiya kwambiri chifukwa choti ambiri amakhala kutali ndi kiliniki, ndiye kuti nkhani ndi mtunda. Mawu oyenera pa kafukufuku wotere ndi "kugwirizana". Kusiyana kwake kumaoneka kochepa papepala, koma patsiku loteteza pulopozo ndi pamene ambiri amagwidwira.

Chachitatu, cha mauthenga a pa foni, ndi kafukufuku wina payekha. Chimafuna magulu awiri, lina lolandira mauthenga lina ayi, ogawidwa mwamaere, kenako kuwadikira miyezi ingapo kuti muone amene abwere. Mu miyezi 6, imene ina idzathera podikira chilolezo cha komiti yoteteza anthu ochita nawo kafukufuku, sizingatheke. Kuwonjezera apo, cholingachi sichikuchokera m'ndime ya vuto. Wophunzira anali ndi mankhwala m'thumba asanadziwe nthenda.

Ziwiri zomalizazo sizichedwetsa. Kudziwitsa odwala ndi ntchito yabwino, koma ndi ya kiliniki. Kupereka malangizo kumabwera pamapeto pa lipoti lililonse, ndipo sikufuna kutolera mfundo iliyonse. Masukulu ena amalola kuti chikhale cholinga chomaliza, ndipo ngati malamulo a dipatimenti yanu atero, tsatirani. Ine ndimachiona ngati chongodzazira mzere.

Zatsopano tinazitenga m'ndime ya vuto momwemo. Ndime ija inatchula zinthu zitatu zosadziwika: ndi angati ndipo amasiya liti, ndi otani, ndi chifukwa chiyani. Zolinga zinakhalanso zitatu, pansi pa cholinga chachikulu chimodzi.

Cholinga chachikulu: kupeza kukula kwa vuto la kusiya chithandizo ndi zinthu zogwirizana nalo pakati pa akuluakulu amene anayamba mankhwala a bipi pa kiliniki iyi mu 2024.

Choyamba: kupeza kuchuluka kwa odwalawa amene anasiya chithandizo m'miyezi 12 yoyambirira, ndi mwezi umene anasiyira.

Chachiwiri: kuyerekeza amene anasiya ndi amene anapitiriza potengera zaka, kukhala mwamuna kapena mkazi, mtunda wochokera kunyumba, kuchuluka kwa mitundu ya mankhwala, ndi kukhala ndi matenda a shuga.

Chachitatu: kufotokoza zifukwa zimene odwala amene anasiya amapereka okha.

Cholinga chachikulu chisakhale chachikulu kuposa ana ake ataphatikizidwa. Mukakwaniritsa zitatuzo, chachikulucho chizikhala chakwaniritsidwa popanda chotsala. Ndipo ngati sukulu yanu imafuna mafunso a kafukufuku pambali pa zolinga, mafunsowo ndi zolinga zomwezo zotembenuzidwa kukhala mafunso, chimodzi funso limodzi. Wophunzira wokhala ndi zolinga zitatu ndi mafunso asanu ali ndi ngongole ziwiri zimene sakuzidziwa.

Ambiri amamva za muyeso wa SMART, wakuti cholinga chikhale cholunjika, choyezeka, chotheka, chogwirizana ndi vuto, ndiponso chokhala ndi nthawi yake. Unachokera kwa George Doran mu 1981, ndipo iye ankalembera oyendetsa makampani. Ngati chikumbutso ndi wabwino. Koma cholinga chingathe kukhoza mbali zonse zisanu n'kukhalabe chopanda kumene mungakatenge yankho lake, ndiye ine ndimadalira kwambiri kuyesa kwina.

Kuyesa cholinga chilichonse ndi pensulo

Tengani pepala, mulembe cholinga chimodzi pamwamba, kenako muyankhe: mfundo zake ndikazitenga kuti, kwa ndani, ndi chida chanji, ndipo tebulo la zotsatira lidzaoneka bwanji? Jambulani tebulolo lopanda manambala, mizere yake ndi mitu yake. Cholinga chimene simungathe kuchijambulira tebulo, kapena kunena mitu ya ndime zimene zidzachiyankhe, sichinapse.

Cholinga choyamba chinaoneka chophweka mpaka titafika pa mawu akuti "anasiya". Munthu wasiya liti? Akaphonya ulendo umodzi? Akatha mwezi? Popanda tanthauzo lokhazikika, anthu awiri owerenga kaundula yemweyo adzapeza manambala osiyana. Wophunzira anasankha kuti wosiya ndi amene padutsa masiku 90 kuchokera pa tsiku limene anapatsidwa iye osabwera. Akanatha kusankha masiku 60 kapena 180. Chofunika n'chakuti asankhe asanatsegule mafayilo, anene chifukwa chake, ndipo ngati ofufuza ena a nkhani yomweyi anagwiritsa ntchito malire enaake, aganizire zowatsatira kuti zotsatira zidzathe kuyerekezedwa. Wosankha malire ataona kale manambala amakopeka kusankha amene akupereka nkhani yokoma. Tanthauzoli linabweretsanso nkhani ya kalendala: amene anayamba mankhwala mu Disembala 2024 miyezi yake 12 imatha mu Disembala 2025, ndipo pamafunika masiku 90 ena kuti tidziwe ngati ulendo wake womaliza anauphonyadi. Kafukufuku wochitika nthawi imeneyi isanakwane ayenera kubwerera m'mbuyo n'kutenga oyamba mankhwala chaka cham'mbuyo.

Pa chiwerengero cha anthu, wophunzira anabwera ndi nambala imene pafupifupi aliyense amabwera nayo, 384. Imachokera apa:

```
n = Z² × p(1 − p) / d²
n = 1.96² × 0.5 × 0.5 / 0.05² ≈ 384
```

Samuyi ndi yoona, koma ndi yoyankha funso limodzi lokha, la kupeza kuchuluka kwa chinthu pakati pa anthu ambiri zedi, molakwitsa ndi maperesenti osaposa 5 uku ndi uku. Oyamba mankhwala mu 2024 pa kiliniki ija anali 600 okha. Pa gulu lochepa chonchi nambala ija imatsika kufika pafupifupi 234. Koma poti mfundo zili kale m'kaundula, panalibe chifukwa chosankhira ena n'kusiya ena: kuwerenga mafayilo 30 patsiku, onse 600 amatha m'masiku 20 a ntchito. Apa mukuona kuti cholinga ndicho chikulamula samu. Chikanakhala cholinga cha mauthenga a pa foni chija, samu ikanakhala ina kotheratu.

Cholinga chachiwiri chinataya chiwalo chimodzi poyesedwa. Poyamba munali "ndalama zimene wodwala amapeza". Nditafunsa kuti akazitenga kuti, wophunzira anati, "M'mafayilo, aphunzitsi." Ndinamupempha kuti akatsegule mafayilo khumi aone. Anabwera mawa lake akuseka yekha: mafayilo salemba za ndalama. Zaka zilimo, malo okhala alimo ndipo mtunda ungayerekezedwe kuchokera pamenepo, mankhwala alimo, shuga alimo. Za ndalama tinazichotsa pa cholinga chachiwiri n'kuzisiyira chachitatu, kuti ngati ndi nkhani, odwala adzaitchula okha. Mafayilo khumi amenewo anamupulumutsa ku mwezi wathunthu wa kulira. N'chifukwa chake sindikonda cholinga chongoti "kupeza zinthu zogwirizana ndi kusiya" osazitchula. Mukazitchula mayina, mumakakamizika kukaona ngati zilipo.

Chachitatu ndicho chinali ndi msampha waukulu. Mu gawo la njira, wophunzira analemba kuti adzafunsa odwala amene ali pamzere tsiku la kiliniki. N'zomveka, ndi osavuta kuwapeza, akhala pabenchi akudikira. Koma amene ali pabenchiwo ndi amene sanasiye. Kuwafunsa chifukwa chimene anzawo anasiyira n'kutolera zongoganizira. Cholinga chikuti zifukwa zimene osiya amapereka okha, ndiye kuti ayenera kuwalondola pa foni kapena kumene amakhala. Izi zikubweretsa mafunso amene komiti yopereka chilolezo idzafunsa ndithu: ndani adzayambe kuwaimbira, popeza nambala zawo anazipereka ku kiliniki osati kwa wophunzira? Bwanji foni akayankha wachibale amene sakudziwa za matendawo? Nanga wophunzira akapeza munthu amene watha miyezi isanu osamwa mankhwala, adzangolemba yankho n'kuchoka? Zinagwirizanidwa kuti namwino wa pa kiliniki ndiye aziyamba kuimba n'kupempha chilolezo, kuti ocheza nawo akhale pakati pa 15 ndi 20, ndiponso kuti aliyense azilimbikitsidwa kubwerera kukayezedwa. Cholinga cha mzere umodzi chinabala masamba awiri a njira, ndipo ndi mmene ziyenera kukhalira.

Anthu 15 kapena 20 amenewa sapereka maperesenti. Wophunzira sadzalemba kuti theka la osiya limasiya chifukwa cha mtunda, popeza sanawasankhe m'njira yoimira onse. Adzalemba zifukwa zimene zinatuluka, mmene zimalukanirana, ndi mawu a anthuwo. Mneni wakuti "kufotokoza" analonjeza zimenezo basi.

Pamapeto pake panatsala chinthu chimodzi chimene chinatibweza pa chiyambi. Tikuyang'ananso tanthauzo la kusiya, wophunzira anafunsa yekha kuti, "Nanga amene anasamukira ku chipatala china, aphunzitsi? Kapena amene akugula mankhwala kufamase? Kapena amene anamwalira?" M'kaundula onsewa amaoneka chimodzimodzi, mzere wopanda kanthu. Amene fayilo yawo ikusonyeza kuti anatumizidwa kwina kapena anamwalira angachotsedwe pa chiwerengero, koma ambiri amachoka osatsanzika. Ndiye kuti kaundula sangauze munthu amene anasiya mankhwala. Angamuuze amene anasiya kubwera ku kiliniki imeneyo.

Panali njira ziwiri: kulondola osabwera onse kuti tidziwe chimene chinawachitikira, zomwe nthawi sikanalola, kapena kuchepetsa lonjezo kuti lifanane ndi zimene mafayilo angapereke. Anasankha yachiwiri. Anatenga pensulo n'kuyenda mu pulopozo yonse, paliponse pamene panali "kusiya chithandizo" kapena "kusamwa mankhwala" n'kulembapo "kusiya kubwera ku kiliniki": m'cholinga chachikulu, m'choyamba, m'chachiwiri, ndi m'chiganizo chachinayi cha ndime ya vuto. Pa cholinga chachitatu anawonjezera funso loyamba la pokambirana, lofunsa ngati munthuyo akumwabe mankhwala kuchokera kwina. Mutu wa pulopozo, umene unali "Vuto la kusamwa mankhwala a bipi", anaulemba pomalizira penipeni, ndipo unakhala "Kusiya kubwera ku kiliniki m'chaka choyamba cha mankhwala a bipi: kuchuluka kwake, zogwirizana nako ndi zifukwa za odwala".